Pasiwedi yolimba ndi loko wachiwiri pa Gmail, WhatsApp ndi Facebook, koma muyambe ndi imelo

Musanayambe kulimbana ndi Facebook kapena WhatsApp, funso loyamba ndi ili: Gmail yomwe ili mufoni mwanumo anatsegula ndani? Ambirife tinagula foni pamsika kapena pashopu, mnyamata wogulitsa uja nkutifunsa kuti "imelo muli nayo bwana?", ife nkuti ayi, iye pompo nkutitsegulira, pasiwedi nkuika nambala yathu ya foni kapena dzina ndi chaka chobadwa, mwinanso pa nambala yobwezeretsera akaunti anaikapo yake kuti khodi ifike msanga asataye nthawi. Ife tinangoona kuti Play Store yayamba kugwira, basi nkumapita. Koma imelo imeneyoyo ndi imene Facebook, TikTok, Instagram ndi ena onse amatumizako linki yosinthira pasiwedi munthu akadina Forgot password?, nde amene walowa mu Gmail yanu safunikanso kudziwa pasiwedi ya Facebook yanu, angoisintha yekha. Nchifukwa chake ndikuti tiyambire kumeneko, zinazo zibwera pambuyo.

Kuti zimveke bwino tiyerekeze mayi ogulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, katundu amaika pa Facebook, maoda amabwera pa WhatsApp, foni ndi ya Tecno, simukhadi ziwiri. Zonse zimene ndifotokoze tizipanga pafoni ya mayiwa. Mufunika bandulo yoti isathere panjira, batire yodzadza, cholembera ndi kope, komanso malo oti anthu sakusuzumirani.

Choyamba, onani ngati Gmail ili mmanja mwanu

Pitani ku Settings ya foni, kenako Google, kenako Manage your Google Account, mupeze pamene palembedwa Security. Mayinawa amasinthasintha pang'ono kutengera foni ndi nthawi, pena mupeza palembedwa Security & sign-in, koma mukasochera ingolembani `myaccount.google.com` mu Chrome, mufika pomwepo.

Pamenepo fufuzani Recovery phone ndi Recovery email. Nambala imene ilipoyo ndi yanu? Ikugwirabe? Mayi athu aja anapeza kuti pali nambala yothera manambala oti sakuwadziwa nkomwe. Ichotseni, ikani yanu imene mumaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osati simu ija mumangoikamo bandulo pakakhala pulomoshoni. Dziwaninso kuti mukasintha, Google imatha kupitiriza kutumiza makhodi ku nambala yakale ija kwa masiku 7, nde sabata imeneyo muziyang'ana mameseji ochenjeza amene akubwera mu Gmail.

Kenako tsikirani pa Your devices, dinani Manage all devices. Apa pamaoneka foni ndi kompyuta iliyonse imene yalowa muakaunti yanu. Mukaona foni yakale imene munagulitsa, kompyuta ya pa intaneti kafe pomwe munakapulinta kalata yofunsira ntchito, kapena china choti simukuchidziwa, dinani pamenepo nkusankha Sign out.

Chachiwiri, kupanga pasiwedi

Tinene kaye zimene sizikugwira, chifukwa zimafanana kwambiri. Nambala ya foni, aliyense amene munamugulitsapo kanthu ali nayo. Tsiku lobadwa, Facebook yomweyo imalengeza chaka chilichonse anthu nkumakufunirani zabwino. Dzina la mwana kuphatikiza chaka. Timu imene mumasapota, kaya Bullets kaya Noma kaya Silver, pomwe chithunzi cha pulofailo mwavala jezi yake. Vesi ya mBaibulo ngati Yohane 3:16 kapena Salimo 23, imaoneka ngati yolimba poti ili ndi chilembo chachikulu, manambala ndi timadontho, koma anthu miyandamiyanda anaganiza zomwezo. Ndipo zosintha a kukhala @ kapena o kukhala 0 zija sizipusitsa aliyense, mapulogalamu oyesera mapasiwedi amayamba ndi zomwezo.

Tiwerengere pang'ono muone. Tsiku lobadwa lolembedwa ndi manambala 8, masiku 365 kuchulukitsa ndi zaka 100, ndi 36,500 basi, kompyuta imamaliza kuyesa zonsezo musanaphethire. Mwina mukuti koma Google silola munthu kuyesa kambirimbiri, zoona silola, imatseka. Kuyesa kothamangako kumachitika pamene webusaiti ina yathyoledwa, akuba nkutenga mndandanda wonse wa mapasiwedi obisika nkumakaumasula pamakompyuta awo, kopanda wowaletsa. Zinachitikapo ku LinkedIn mu 2012, ndipo pofika 2016 maakaunti oposa 100 miliyoni ochokera kumeneko anali akugulitsidwa pa intaneti. Akamasula, amatenga imelo ndi pasiwedi yomweyo nkukayesa ku Facebook, ku Gmail, paliponse. Nde pasiwedi imafunika zinthu ziwiri, ikhale yaitali komanso isabwerezedwe kwina.

Njira imene ine ndimaikonda ndi ya mawu asanu osagwirizana. Tengani nyuzipepala kapena buku lililonse la Chichewa, tsegulani paliponse, tsinzinani, lozani ndi chala, lembani liwu limene mwalozalo kapena dzina la chinthu limene lili pafupi. Tsegulani tsamba lina, chimodzimodzi, mpaka akwane asanu. Musasankhe ndi mutu wanu, mutu umathamangira ku nsima, ndiwo, mpunga, nyemba, zinthu zoyendera limodzi zimene wina akhoza kuzilota. Musatengenso mwambi kapena mzere wa nyimbo. Mukamaliza ikani kamzere pakati pake ndi nambala penapake poti mawebusaiti ena amakakamira nambala. Zituluka ngati izi:

```
chikho-mvuu-lamba-nsungwi-47-thumba
```

Imeneyi musaigwiritse ntchito, yaonedwa kale ndi aliyense amene akuwerenga pano. Koma onani, ndi zilembo ndi zizindikiro 35, ndipo kuloweza kwake nkosavuta, mungoona mmutu mvuu itavala lamba ikumwera mchikho, mawa lake mukhala mukuikumbukirabe.

Chifukwa chiyani asanu osati atatu? Tiyerekeze kuti wakuba akudziwa njira yanuyi, ali ndi mndandanda wa mawu a Chichewa 2,000, ndipo kompyuta yake ikuyesa ka 1 biliyoni pa sekondi. Mawu atatu amaliza mmasekondi 8. Mawu anayi, maola anayi ndi theka. Mawu asanu, chaka chathunthu. Asanu ndi limodzi, zaka 2,000. Liwu limodzi lokha lowonjezera likuchulukitsa ntchito yake ka 2,000, pomwe kuika chizindikiro chimodzi kumapeto kwa dzina la mwana sikusintha kanthu kwenikweni. Pa Gmail asanu akwanira, makamaka poti tiikanso loko wachiwiri.

Pewani chilembo cha ŵ, pa kibodi ya foni ina kapena kompyuta yobwereka mudzavutika kuchipeza. Samalaninso ndi kibodi imene imakonza mawu yokha kapena kuika chilembo chachikulu koyambirira, dinani kadiso kaja muone zimene mwalembadi.

Tsopano pa Security pomwe paja dinani Password. Ikufunsani yakale. Ngati simukuidziwa poti anaika ndi wapashopu uja, dinani Forgot password? kapena Try another way, ndipo izi muchitire pafoni yomweyo imene akaunti ili kale, muli kunyumba kapena malo amene mumakhala nthawi zonse, chifukwa Google imakhulupirira kwambiri foni ndi malo amene inazolowera. Chenjezo limodzi: mukasintha pasiwedi ya Google musathamangire kukafulashitsa foni tsiku lomwelo, dikirani maola 24, apo ayi foni ikhoza kukana kukulowetsani ikayaka.

Lembani pasiwediyo mkope. Eya, papepala. Wakuba wa pa intaneti sangawerenge kope limene lili musutikesi momwe mumasunga masatifiketi ndi khadi la kusikelo la mwana. Malo oipa ndi awa, kukapepala kokhala kuseri kwa kava ya foni, sikirinishoti ya mugalari, meseji yodzitumizira nokha pa WhatsApp, ndi kusunga ngati dzina la munthu mufonibuku, chifukwa zonsezi zimapita limodzi ndi foni tsiku limene yabedwa. Ngati pakhomo pali wina amene simukumukhulupirira, musalembe kuti ndi ya Gmail, ingolembani mawuwo ngati mndandanda wamba.

Nanga maakaunti enawo, muloweza mawu asanu asanu paliponse? Ayi. Lowezani ya Gmail yokha, mwina ndi ya Facebook. Zinazo Chrome imatha kukupangirani, mukamatsegula akaunti kapena kusintha pasiwedi imabweretsa Suggest strong password nkuisunga muakaunti yanu ya Google, mudzazipeza pa `passwords.google.com`, ndipo pomwepo pali Password Checkup imene imakuuzani mapasiwedi amene anatuluka poyera ndi amene mwabwereza. Ofuna kusunga kunja kwa Google pali Bitwarden, ili ndi mbali yaulere. Koma izi zikutanthauza kuti foniyo iyenera kukhala ndi loko wa pasikirini weniweni, pini ya manambala 6, osati patani ya L kapena Z ija imaonekera ndi mafuta a zala mukapendeketsa foni padzuwa. Mukafuna kudziwa ngati imelo yanu inapezekapo pamndandanda wobedwa, ilembeni pa `haveibeenpwned.com`, imelo yokha, ndi zaulere.

Za kusintha pasiwedi mwezi uliwonse zija zisiyeni, zimangopangitsa munthu kumaika dzina lomwelo nkumasintha nambala yakumapeto. Ngakhale bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linasiya kulimbikitsa zimenezo mu 2017. Sinthani pamene mwauzapo munthu, mwailemba pa linki yokayikitsa, kapena yatuluka pamndandanda wobedwa.

Chachitatu, loko wachiwiri pa Gmail

Pasikirini amalemba 2-Step Verification, ku Facebook amati Two-factor authentication, ndi chinthu chimodzi. Tanthauzo lake nlakuti munthu akafuna kulowa pafoni kapena kompyuta yachilendo, pasiwedi yokha sikwanira, afunikanso chinthu china chimene chili mmanja mwanu. Pafoni yanu ya masiku onse simuzifunsidwa tsiku lililonse, musaope.

Pa Security dinani 2-Step Verification, lembani pasiwedi yatsopano ija, tsatirani mpaka pa Turn on. Njira zilipo zingapo ndipo sizofanana mphamvu. Pali Google prompt, kameseji kotulukira pafoni yanu kofunsa ngati ndinuyo mukufuna kulowa, kamabwera kokha pafoni ya Android imene mwalowamo kale koma kamafuna deta. Pali khodi ya pa meseji wamba, imene ndi yosavuta koma ndi yofooka kuposa zonse, poti imadalira simukhadi. Simu imatha kubedwa limodzi ndi foni nkuikidwa mufoni ina, imatha kusinthidwa mwachinyengo wina nkutenga nambala yanu, zimene zinamuchitikira ngakhale Jack Dorsey, mkulu wa Twitter panthawiyo, mu 2019, komanso mukapita ku Joni kapena kumudzi kopanda netiweki khodiyo imatha kusafika. Komabe bola imeneyo kusiyana nkukhala opanda kalikonse, nde ngati foni yanu ili yodzadza moti singalandire apu ina, ikani ya meseji lero lomwe.

Imene ndingakulimbikitseni ndi apu yopanga makhodi, Google Authenticator, ili pa Play Store, yaulere, yaying'ono. Imatulutsa manambala 6 amene amasintha masekondi 30 aliwonse, ndipo sifuna deta kapena netiweki, imagwira olo mulibe simu mufoni. Mmene zimayendera nkuti poyamba paja Google ndi apuyo zimagawana kiyi wachinsinsi, kenako aliyense payekha amaphatikiza kiyiyo ndi nthawi ya pawotchi nkupeza manambala ofanana.

Poikapo pali pamene ambiri amakakamira. Mukadina Authenticator kenako Set up authenticator, pamabwera kabokosi ka madontho koti mujambule ndi kamera, koma kabokosiko kali pafoni yomweyo imene mukufuna kujambulira, nde mujambula bwanji? Pansi pake pali Can't scan it?, dinani pamenepo, ikupatsani zilembo zambirimbiri, zikopeni, tsegulani apu ija, dinani +, sankhani Enter a setup key, lembani dzina loti muzizindikira, matani zilembo zija, mtundu usiyeni pa Time based. Manambala 6 ayamba kuoneka. Bwererani ku Google, alembeni asanasinthe, dinani Verify.

Ikakana khodi pomwe mwalemba bwinobwino, kawirikawiri vuto ndi wotchi ya foni. Mafoni ena batire ikatheratu nthawi imasokonekera, enanso timaika wotchi patsogolo mphindi zisanu kuti tisamachedwe kuntchito. Pitani ku Settings, Date & time, yatsani kuti nthawi iziikika yokha, nkuyesanso.

Chachinayi, makhodi apadera, apa ndi pamene pagona nkhani

Anthu ambiri amene amadandaula kuti loko wachiwiri anawatsekera kunja ndi amene anadumpha sitepe iyi. Patsamba lomwelo la 2-Step Verification pali Backup codes. Dinani Get backup codes, Google ikupatsani makhodi 10, iliyonse ya manambala 8, iliyonse imagwira kamodzi kokha. Alembeni onse ndi cholembera mkope lija, werengani kawiri kuti simunasinthanitse manambala. Osajambula sikirinishoti, chifukwa sikirinishotiyo ikhala mufoni imene yatayikayo kapena mu Google Photos ya akaunti yomwe mukulephera kulowayo.

Pali msampha wina wofanana nawo. Kuyambira 2023 Google Authenticator imatha kusunga makhodi ake muakaunti yanu ya Google kuti mukagula foni ina abwerere okha, zomwe ndi zabwino pa makhodi a Facebook ndi ena. Koma khodi ya Gmail yeniyeniyo singakuthandizeni pamenepo, kuti muifikire mufunika mulowe kaye mu Gmail, kuti mulowe mu Gmail mufunika khodi. Chokutulutsani ndi pepala lija.

Yesani lero lomwe, musadikire tsoka. Tsegulani Chrome, sankhani New Incognito tab, lowani mu Gmail ngati mlendo, ikafunsa sitepe yachiwiri dinani Try another way, sankhani zolemba khodi ya manambala 8, lembani yoyamba ya mkope. Ikalowa, khwatchani imeneyo, mwatsala ndi 9 ndipo mwadziwa kuti munalemba zolondola. Akadzatsala awiri atatu mudzatenge ena atsopano, akalewo amafa pompo.

Chachisanu, WhatsApp

WhatsApp ndi yosiyana, ilibe pasiwedi, akaunti yanu ndi nambala yanu ya foni. Aliyense amene wapeza khodi ya manambala 6 imene imabwera pa meseji polembetsa, watenga akaunti. Nde kuba kwake kumayenda chonchi: mumalandira meseji ya khodi yoti simunapemphe, posakhalitsa mnzanu wa mugulupu ya kutchalitchi kapena ya banki mkhonde akulemberani kuti "pepani asisi ndatumiza khodi yanga kwa inu molakwitsa, tanditumizireni", kapena wina akuimba kuti pali mitingi ya pa intaneti ya gulupu yathu nde tikufuna khodi yomwe mwalandirayo kuti tikulowetseni. Mnzanuyo si iyeyo, akaunti yake inabedwa kale. Mukangotumiza, WhatsApp yanu imatuluka, iwo nkuyamba kulembera abale anu onse kuti mwagonekedwa kuchipatala atumize ndalama pa nambala ina ya Airtel Money kapena Mpamba.

Tsegulani WhatsApp, timadontho titatu pamwamba, Settings, Account, Two-step verification, Turn on. Ikani pini ya manambala 6 yopanga nokha. Isakhale tsiku lobadwa, isakhale 123456, isafanane ndi ya loko wa pasikirini kapena kuyamba ndi pini ya ku Mpamba. Ikupemphani imelo, musadumphe, ikani Gmail imene tangoimanga ija, chifukwa mukaiwala pini linki yoichotsera imapita kumeneko, popanda imelo mudikira masiku 7. Lembani pini mkope. WhatsApp izikufunsani piniyo mwa apo ndi apo mkati mwa apu momwemo kuti musaiwale, zimenezo nzabwinobwino, koma munthu akakufunsani pa meseji kapena pafoni, kaya akuti ndi wa ku WhatsApp, ndi wakuba.

Muonenso Linked devices. Munthu amene anagwirako foni yanu mphindi ziwiri akhoza kulumikiza WhatsApp yanu ku kompyuta yake nkumawerenga zonse mwakachetechete, ndipo pini ija siletsa zimenezi. Chilichonse chosadziwika pamenepo, dinani nkusankha Log out. Za GB WhatsApp ndi anzake sindinena zambiri, zimenezo sizochokera ku WhatsApp, mukuika mameseji anu mmanja mwa munthu osamudziwa ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa.

Ngati yabedwa kale, ikaninso nambala yanu mu WhatsApp pafoni yanu, khodi ibwera pa meseji kwa inu, mukangoilemba wakubayo amatulutsidwa. Akakhala kuti anaika pini yake, mudikira masiku 7 kuti mulowe, koma iye amakhala watuluka kale. Pamasiku amenewo imbirani abale ndi ma adimini a magulupu kuti asatumize ndalama kwa aliyense.

Chachisanu ndi chimodzi, Facebook ndi Instagram

Apa ndidutsa mwachangu poti nzofanana ndi za Gmail. Settings & privacy, Settings, Accounts Center, Password and security. Yambani ndi Change password, ikani ina yosiyana ndi ya Gmail. Kenako Two-factor authentication, sankhani akaunti, sankhani Authentication app, kopani kiyi nkumata mu Google Authenticator momwe tinachitira muja, mukhala ndi mizere iwiri mu apumo, wa Google ndi wa Facebook. Pansi pa Additional methods pali Recovery codes, nawonso alowe mkope patsamba lawolawo. Onani Where you're logged in nkutulutsa zachilendo, onaninso nambala ndi imelo zimene zili pa akaunti, ambiri tinatsegula Facebook ndi nambala imene tinataya kalekale. Ngati pa Facebook Lite simukupeza zina mwa izi, lowani kudzera mu Chrome. Instagram ili mu Accounts Center momwemo ngati munazilumikiza. Amene muli ndi peji ya bizinesi, adimini aliyense achite zimenezi payekha, peji imabedwa kudzera kwa adimini amene ali wofooka.

Pamene loko wachiwiri sakuthandizani

Mayi athu aja tsiku lina alandira meseji ku Messenger, chithunzi chake chizindikiro cha Meta, kampani ya eni ake a Facebook, akuti peji yanu yaphwanya malamulo itsekedwa pakatha maola 24, dinani apa kuti muchite apilo. Linkiyo ikutsegula tsamba looneka ndendende ngati Facebook, likufunsa pasiwedi, kenako likufunsanso khodi ya manambala 6. Akalemba zonse ziwiri, wakuba kumbali inayo akuzilemba pa Facebook yeniyeni nthawi yomweyo khodi isanathe mphamvu, walowa. Loko wachiwiri saletsa zimene mwapereka nokha ndi manja anu.

Kuzindikira kwake, yang'anani adiresi pamwamba, mawu amene ali kumapeto kusanafike kamzere kopendekera koyamba akhale `facebook.com` kapena `google.com` ndendende, osati zinazake zotalika zokhala ndi dzina la Facebook pakati. Chizindikiro china ndi chakuti Chrome imene imakulemberani pasiwedi masiku onse, patsamba labodza imangokhala duu osabweretsa kanthu, poti adiresi siikuidziwa. Njira yachidule ndi yosalowera pa linki iliyonse imene mwatumiziridwa, tsekani, tsegulani apu yeniyeni, ngati pali vuto mukalipeza mmenemo. Chimodzimodzi kameseji ka Google kofunsa ngati ndinuyo kakabwera inu musakulowa paliponse, yankhani No ndipo musinthe pasiwedi nthawi yomweyo chifukwa ndiye kuti wina ali nayo. Mafoni atsopanoko amalolanso Passkeys, kulowa ndi chala kapena pini ya foni, ndipo imeneyi sigwira patsamba labodza, ikakufunsani kuti muike pafoni yanuyanu vomerani, koma osati pafoni yobwerekana.

Foni ikabedwa, ndondomeko yake

Tinene kuti mayiwa awasolola foni pokwera minibasi mudepoti madzulo. Akafika kunyumba atenge kope, abwereke foni ya mwana wawo, atsegule New Incognito tab, alowe mu Gmail ndi mawu asanu aja ndi khodi imodzi yapadera. Ali mkatimo alembe `android.com/find`, ngati foni ikadali pa intaneti akhoza kuitseka kapena kufufuta zonse, achite zimenezi kaye asanaitulutse pa Your devices. Kenako alowe Facebook ndi khodi yake yapadera nkutulutsa foni yobedwayo pa Where you're logged in. Aimbire kampani ya foni kuti atseke simu, mmawa apite ku shopu yawo ndi chiphaso cha unzika akatenge simu ina ya nambala yomweyo, ikangoyamba kugwira alembetse WhatsApp, khodi ya pa meseji kenako pini ija, yakufoni yobedwa ija imatuluka yokha. Pomaliza atenge makhodi apadera atsopano nkuikanso Authenticator pafoni yatsopano.

Usiku umenewo wakuba ali ndi simu yanu, akhoza kuiika mufoni ina nkumalandira makhodi anu onse a pa meseji. Chotseka mpata umenewu ndi pini ya simukhadi, imapezeka mu Settings pa SIM card lock kapena SIM lock. Kuti muyatse imafuna pini imene simu inabwera nayo, ngati simukuidziwa funsani ku kampani yanu, musalote, mukaphonya katatu simu imatsekeka nkufuna PUK, nambala yoitsegulira yochokera ku kampani ya simuyo. Mukaika, foni izifunsa pini imeneyo ikangoyaka.

Ndipo mukasiya nambala, kaya mwasamukira ku netiweki ina kaya mwapita kunja, ichotseni kaye pa Gmail, Facebook ndi kwina konse simu isanafe, pa WhatsApp mugwiritse ntchito Change number pansi pa Account. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito makampani amaigulitsanso kwa munthu wina, ndipo mwini watsopanoyo ndi amene azilandira makhodi a akaunti iliyonse imene munaiwala kuchotsako nambalayo.